Kutsimikiza zomwe tinagwirizana za tchuthi changa: 15 Disembala mpaka 9 Januwale

Johannesburg, 18 Novembala 2025

Bambo Chirwa,

Zikomo kwambiri pondilola kupita kumudzi. Dzulo, Lolemba, tinakambirana nkhaniyi chiimirire pageti pomwe tinkapakira katundu wa ku Durban, folokolifiti ikulira, inu foni ili kukhutu. Munati, "Palibe vuto, mupite." Ndalemba kalatayi kuti zomwe tinapanganazo zikhale papepala, poti mu Disembala mumachuluka zinthu ndipo a kumalipiro sayendera mawu apakamwa.

Ndidzaweruka komaliza Lachisanu pa 12 Disembala, ndipo tchuthi chidzayamba Lolemba pa 15. Ndidzabwerera pantchito Lolemba pa 12 Januwale 2026, 7 koloko m'mawa.

Pa kawerengedwe ka masiku ndi pomwe ndikupempha kuti muonetsetse. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limapereka masiku 21 otsatizana pachaka, omwe kwa ife ogwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu ndi masiku 15 antchito. Chaka chino sindinatengepo ngakhale limodzi. Masiku a holide ya boma sawerengedwa ngati tchuthi, ndipo m'nyengoyi muli anayi: 16, 25 ndi 26 Disembala, komanso 1 Januwale. Tikawachotsa, patsala masiku 16 antchito. Choncho 15 ndi olipidwa, ndipo limodzi lotsalalo, Lachisanu pa 9 Januwale, munati lidzakhala lopanda malipiro. Ndavomera. Tsiku limenelo ndikulifuna chifukwa cha ulendo: basi yochokera ku Blantyre imadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo pa Beitbridge kumayambiriro kwa Januwale mzere wake mukuudziwa nokha.

Za malipiro a Disembala, tinagwirizana kuti adzalowa kubanki pa tsiku lanthawi zonse, sadzadikira kuti ndibwere. Tsiku losalipidwalo lidzadulidwa pa malipiro a Januwale.

Makiyi a sitolo ndi buku la katundu ndidzawasiyira a Phiri pa 12 Disembala masana, titawerengera limodzi zomwe zili m'mashelefu, tonse n'kusainira. Oda ya makatoni ndidzakhala nditaitumiza kale. Kwathu ku Thyolo netiweki imavuta, koma madzulo ndizitsegula WhatsApp ngati a Phiri atasowa chinthu.

Ngati pali pomwe ndamva molakwa, mundikonze. Ngati zonse zili momwemo, chonde ndiyankheni pa imelo yomweyi ndi mawu oti "Ndavomereza" pofika Lachisanu pa 21 Novembala, ndiponso mundisainire fomu ya tchuthi yomwe ndasiya patebulo panu kuti ndikaipereke ku HR. Tikiti ya basi sindinagule, ndikudikira yankho lanu, ndipo mipando ya pa Park Station ya sabata imeneyo sichedwa kutha.

Ine wanu pantchito,

Esnart Banda
Woyang'anira sitolo