Ntchito ya Bizinesi Sitadizi, Fomu 3: phindu, kuluza ndi maperesenti pa okala ya a Nabanda

Anyamata ndi atsikana, ntchito ya sabata ino ndi iyi. Mafunso onse akuchokera pa okala imodzi ya a Nabanda ku Chinsapo ku Lilongwe, amaoda katundu wawo ku maholoselo a ku Malangalanga nkumagulitsa pang'onopang'ono m'dera lawolo. Mitengo ndangoika yoti tiwerengere, musandivutitse kuti kwanu shuga sali pamenepo, ndikudziwa mitengo ikusintha daile. Lembani m'kope la ekisesaizi, onetsani njira yonse, ansala yokha yopanda njira ndikupatsani theka la malikisi ngakhale ikhale yolondola. Malikisi onse ndi 40.

Kumbukirani izi musanayambe:

Phindu = ndalama zogulitsira − ndalama zoodera
Kuluza = ndalama zoodera − ndalama zogulitsira
Peresenti = phindu (kapena zoluza) ÷ ndalama zoodera × 100

Timagawa ndi ndalama ZOODERA, pokhapokha funso litanena lokha kuti mugawe ndi zogulitsira. Ndipo ndalama zoodera si mtengo wa pa holoselo wokha ayi, thiransipoti, majumbo, wonyamula katundu, zonsezo zimalowa momwemo.

Chitsanzo. A Nabanda aoda belo ya shuga ya mapaketi 20 pa K60,000 ndipo paketi akugulitsa K3,300. Akatha belo yonse apeza 20 × 3,300 = K66,000, phindu K6,000, ndiye 6,000 ÷ 60,000 × 100 = 10%. Koma beloyo sinayende yokha kuchokera m'tauni, analipira K2,000 ya minibasi ndi wakabaza. Ndiye zoodera zenizeni ndi K62,000, phindu latsika lafika K4,000, peresenti ndi pafupifupi 6.5%. Mwaona? K2,000 yokha yadya gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lonse.

Funso 1 (malikisi 6)
Aoda thireyi ya mazira 30 pa K12,000, dzira limodzi akugulitsa K500.
a) Pezani phindu ndi peresenti yake ngati mazira onse agulidwa.
b) Pobwera, wakabaza anagwera m'dzenje mazira 4 nkusweka. Phindu latsala zingati, ndipo ndi maperesenti angati?
c) Agulitse mazira angati kuti angobweza mpamba wawo, osapindula osaluza?

Funso 2 (malikisi 6)
Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 agula K140,000. Makasitomala awo ambiri sangakwanitse botolo lathunthu ndiye amayeza m'timachubu ta mamililita 50, kamodzi K400, ndipo timapepala tomangira anagula ta K4,000.
a) Mutuluka timachubu tingati m'chigubumo? Lita imodzi ndi mamililita 1,000, izi munaphunzira ku pulayimale.
b) Pezani phindu ndi peresenti yake. Timapepala tija musatiiwale.

Funso 3 (malikisi 5)
Lachisanu anaoda malofu 20 a buledi pa K2,000 lofu imodzi. Anagulitsa 14 pa K2,300, kenako kunagwa chimvula anthu sanatuluke, otsalawo anagulitsa mawa lake pa K1,000 poopa kuti achita nkhungu. Apindula kapena aluza? Ndi ndalama zingati, nanga maperesenti angati?

Funso 4 (malikisi 6)
Sopo wochapira amaoda K1,500 mmodzi ndipo amafuna phindu la 20%.
a) Agulitse pa mtengo wanji?
b) Pafupi napo patsegulidwa golosale ina yotchipitsa, a Nabanda pofuna kukopa anthu atsitsa mtengo wogulitsira uja ndi 20%. Mwana wawo akuti palibe vuto, angobwerera pa mtengo woodera. Kodi akunena zoona? Onetsani ndi masamu.

Apa ndi pamene ambiri mumagwa, ndipo zimandiwawa chifukwa si nkhani ya mayeso okha, enanu makolo anu ali ndi mabenchi pamsika ndipo mumawathandiza kugulitsa. Dzifunseni kaye kuti 20% yoyamba ija ndi ya ndalama ziti, nanga yachiwiriyi ndi ya ndalama ziti.

Funso 5 (malikisi 4)
Agulitsa ndowa ya pulasitiki pa K9,200 nkupindula 15%. Anaioda pa zingati? Musathamangire kuchotsa 15% pa 9,200, simupeza.

Funso 6 (malikisi 10)
Kumapeto kwa mwezi kope lawo likuonetsa kuti agulitsa katundu wa K900,000, ndipo katundu ameneyo anamuoda K750,000, apa ndi mtengo wa pa holoselo wokha. Mwezi womwewo analipira lendi ya okala K30,000, mayunitsi a magetsi a filiji K12,000, thiransipoti yokaoda K18,000 ndi chopereka cha mlonda wa usiku K10,000.
a) Pezani phindu lisanachotsedwe zolipira zinazo, lija timati gulosi. Kumbukirani kuti thiransipoti yokaoda imalowa mu zoodera.
b) Pezani phindu lenileni, neti.
c) Neti ndi maperesenti angati a ndalama ZOGULITSIRA? Onetsetsani, apa funso lasintha chogawira.
d) Mwa K900,000 ija, K20,000 ndi ngongole ya kasitomala amene wasamuka usiku osatsanzika, sizibweranso. Komanso a Nabanda anabwereka K200,000 ku banki mkhonde pa chiwongoladzanja cha 10% pamwezi. Mukachotsa ngongole yotayikayo ndi chiwongoladzanja cha mwezi umodzi, phindu latsala zingati?

Funso 7 (malikisi 3)
Palibe masamu apa. Tsiku ndi tsiku a Nabanda amatapa shuga, mchere ndi sopo pa shelefu kukagwiritsa ntchito kunyumba osalemba, amati ndi zanga zomwe. Fotokozani m'ziganizo zitatu kapena zinayi mmene zimenezi zingawasokonezere powerengera phindu, ndipo nenani chomwe angachite.

Maansala oti mudzichongere MUKAMALIZA, osati musanayambe, wokopera ndimamudziwa chifukwa njira yake siigwirizana ndi ansala:

1. a) K3,000, 25%. b) Mazira 26 apereka K13,000, phindu K1,000, pafupifupi 8.3%. c) Mazira 24.
2. a) Timachubu 400. b) Apeza K160,000, zoodera K144,000, phindu K16,000, pafupifupi 11.1%. Amene wapeza 14.3% waiwala timapepala.
3. Apeza K32,200 kuphatikiza K6,000, zonse K38,200 pa mpamba wa K40,000. Aluza K1,800, yomwe ndi 4.5%.
4. a) K1,800. b) Sakunena zoona. 20% ya 1,800 ndi K360, mtengo ufika K1,440, aluza K60 pa sopo aliyense, ndiye 4%.
5. K9,200 ikuimira 115% ya mtengo woodera, ndiye 9,200 ÷ 115 × 100 = K8,000. Ngati mwapeza K7,820 bwererani mukawerengenso funso.
6. a) Zoodera K768,000, gulosi K132,000. b) Zolipira zinazo K52,000, neti K80,000. c) Pafupifupi 8.9%. d) 80,000 − 20,000 − 20,000 = K40,000.

Funso 7 ndichonga ndekha ndipo tidzakambirana m'kalasi, ndikufuna kumva maganizo anu enieni makamaka inu amene mumakhala pa kauntala kumapeto a sabata. Makope afike pa tebulo langa Lolemba piriyodi yoyamba isanayambe, a monita musonkhanitse. Amene mulibe kakyuleta gwirizanani awiriawiri koma aliyense alembe njira yake yekha.