Pempho lokonza dzina pa tikiti, bukingi K7TQ2M, ulendo wa pa 14 Novembala

Zikomo akuluakulu a ku ofesi ya matikiti ku Lilongwe,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndine Mayi Tiyamike Luka, ndikulemba kuchokera ku Ntcheu. Ndili ndi vuto pa tikiti yomwe ndinagula pa webusaiti yanu pa 21 Okutobala, maina anga anatembenuka, la bambo linapita pamalo pa dzina langa ndipo langa linapita pamalo pa la bambo. Ndiye ndikupempha mundikonzere tsiku la ulendo lisanafike.

Bukingi yake ndi K7TQ2M, kunyamukira pa bwalo la ndege la Kamuzu pa 14 Novembala kupita ku Johannesburg, kubwerera pa 5 Disembala. Nambala ya tikiti ikuthera ndi 408316. Ndili ndekha pa bukingiyo.

Pa pasipoti panga palembedwa chonchi:

```
Surname: LUKA
Given names: TIYAMIKE ESINATI
```

ndipo pa mizere iwiri ija ya pansi pa chithunzi, yomwe mashini amawerenga, mzere woyamba uli ndi

```
LUKA<<TIYAMIKE<ESINATI
```

koma pa tikiti yomwe munanditumizira pa imelo palembedwa

```
TIYAMIKE/LUKA MRS
```

pomwe pamayenera kukhala

```
LUKA/TIYAMIKE ESINATI MRS
```

Zilembo zonse za maina awiriwo zili bwinobwino, palibe chomwe chasowa kapena kuonjezereka, angosinthana malo basi.

Mmene zinachitikira ndi izi. Ndinkagula tikitiyo pafoni madzulo, pasipoti ndili nayo m'manja kuti ndizikopera ndisaphonye kanthu, ndiye fomu yanu inayamba ndi bokosi la First name, ine nditayang'ana pa pasipoti dzina lomwe lili pamwamba koyambirira ndi LUKA, basi ndinalemba lomwelo poganiza kuti akufuna dzina lomwe layamba pa pasipotipo. Kenako pa Last name ndinaika TIYAMIKE. Komanso inu mukudziwa mmene tinakulira kuno, kusukulu potiitana mu rejisitala amayamba ndi dzina la bambo, Luka Tiyamike, pa mayeso chimodzimodzi, kuntchito pa mndandanda wa malipiro chimodzimodzi, ndiye m'maso mwanga sizimaoneka zachilendo ayi. Chinanso dzina la bambo athu ndi Luka, lomwe anthu ambiri ndi dzina lawo loyamba, moti ngakhale wina atayang'ana tikitiyo sangadabwe, angoganiza kuti ndi munthu dzina lake Luka wa kwa a Tiyamike. Kulakwitsa ndi kwanga, sindikuloza munthu chala.

Amene anazindikira ndi mkamwini wanga ku Joni, nditamutumizira tikiti pa WhatsApp kuti adziwe nthawi yodzandichingamira ku O. R. Tambo. Iyeyo amakwera ndege kawirikawiri ndi za kuntchito, ndiye anangoimba pompo kuti amayi, pa tikiti ya ndege dzina lomwe limakhala kumanzere kwa kamzere kopendekeka kaja ndi la bambo, lanuli latembenuka, musapite nalo ku eyapoti chonchi mutha kukabwezedwa pa kauntala kapena kukachedwetsedwa mpaka ndege nkukusiyani. Kuyambira tsiku limenelo mtima sukukhala pansi.

Ndayesa kukonza ndekha pa Manage booking koma pamenepo zikungolola kusintha nambala ya foni, imelo ndi mpando, bokosi la dzina silikudinika. Ndinaimbanso pa nambala ya ofesi yanu pa 27 Okutobala cha m'ma 10 koloko m'mawa, mayi amene anayankha anandilandira bwino ndithu ndipo ndi amene anandiuza kuti nkhani ya dzina siyitheka pafoni, ndilembe imelo ndiike ndi chithunzi cha pasipoti. Ndiye ndi imeneyi.

Ndikudziwa kuti tikiti ya ndege munthu sungapatse mnzako kuti akwerere, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mumakhwimitsa pa nkhani ya maina. Koma apa wokwera sakusintha, ndi ine ndemwe. Mukaona tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti zomwe ndinalowetsa pogula muona kuti zikufanana ndendende ndi zomwe zili pa chithunzi ndatumizachi, khadi ya kubanki yomwe ndinalipirira ilinso m'dzina langa lomwelo. Sindinasinthe dzina chifukwa cha ukwati kapena china chilichonse, pasipoti, chiphaso cha unzika ndi za kubanki zonse ndi Tiyamike Luka.

Palinso kena kamodzi, dzina lapakati ESINATI silili pa tikiti chifukwa pa fomu sindinaone poti ndililembe. Ena akuti lapakati silivuta, ena akuti tikiti izifanana ndi pasipoti dzina lililonse, ine sindikufuna kuyendera zongomva ndiye poti mukhala mukukonza kale chonde liikeniponso kuti zithere limodzi.

Ngati pali ndalama yolipira pokonza ndiuzeni kuti ndi zingati mu makwacha komanso ndilipire bwanji, kaya ku banki kaya pafoni, ndilipira tsiku lomwelo. Chomwe ndikupempha ndi mtima wonse nchakuti musafafanize bukingiyi nkundiuza kuti ndigule tikiti ina pa mtengo wa lero. Ndayang'ana dzulo mtengo wa tsiku lomwelo wakwera kale, ndipo ndalama ya tikitiyi tinachita kusonkherana ndi ana kwa miyezi, kupeza inanso panopa sindingathe. Ngati malamulo anu akuti pakufunika kutulutsa tikiti yatsopano, tsiku, ndege, mpando 17A ndi katundu yemwe ndinalipirira zikhale momwemo, ulendo wopita ndi wobwerera womwe, pasakhale poti kopita kwakonzedwa koma kobwerera dzina lidakali lotembenuka ine nkukavutikira kudziko la eni.

Tsikuli sindingalisunthe. Mwana wanga wamkazi ndi woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo madokotala amupatsa tsiku la opareshoni pa 18 Novembala, kulibe wachibale wina wamkazi kumeneko woti nkumudikirira. Tchuthi kuntchito ndinatenga kale cha masiku omwewa.

Ngati mukuona kuti nkofunika ndibwere ndekha ndi pasipoti yeniyeniyo ku ofesi ndibwera, kungoti mundiuziretu tsiku ndi munthu woti ndikamufunse, chifukwa kuchoka kuno ku Ntcheu pa minibasi kupita ndi kubwerera ndi tsiku lathunthu ndipo ndiyenera kupempha kaye kuntchito. Koma zikatheka pa imelo pompano zindithandiza kwambiri.

Ndaika zinthu zitatu pa imeloyi, chithunzi cha tsamba la pasipoti lomwe lili ndi nkhope yanga, tikiti ija monga munaitumizira, ndi risiti ya malipiro. Chithunzi chikakhala kuti sichikuoneka bwino, makamaka mizere ya pansiyo, ndiuzeni ndikajambulitsa china pa sikana pa boma pano.

Mukakonza munditumizire tikiti yokonzedwayo pa imelo yomweyi kuti ndiipulinte ndiyende nayo. Ndingakondwe nditamva kuchokera kwa inu pasanafike pa 7 Novembala, kuti ngati pali china chofunika nditsale ndi sabata yothamangira. Foni yanga ndi yomwe ili pa bukingi, masana ndimakhala pa ntchito ndiye ndikapanda kuyankha siyani meseji ndikuimbirani ndikangoweruka.

Zikomo kwambiri pondithandiza.

Ine wanu,
Mayi Tiyamike Esinati Luka
Ntcheu
Bukingi: K7TQ2M