Kalata kwa bambo a Chikondi

Mponela
13 Okutobala 2024

Bambo a Chikondi,

Kalatayi ndaiika m'bokosi lanu la zipangizo, pafupi ndi macheka, kuti muiwerenge kushedi muli nokha mutu uli wozizira. Ndalemba chifukwa nkhaniyi ndikaiyamba ndi pakamwa misozi imatsogola, ndiye inu mumaona ngati ndikukukalipirani. Sindikukalipa ayi. Ndakhala mkazi wanu kwa zaka 15, ndipo ndikadali kukukondani.

Ndi za mowa, bambo.

Ndikudziwa pomwe zinayambira. Achimwene anu atatisiya chaka chatha, munakhala masiku osadya, ndipo anzanu akamakutengani madzulo ine ndinkati bola apite akapepukidwe mtima. Poyamba chinali Chibuku cha Loweruka lokha. Pano ndi kachasu, ndipo tsiku lopuma palibe.

Lachinayi lapitali munafika cha m'ma 11 koloko usiku, anyamata awiri akukugwirizani, njinga itatsala kwina. Ndinkaganiza kuti ana agona. Koma m'mawa ndikusesa panja ndinaona Dalitso akuyenda dzandidzandi pakhonde, atanyamula botolo lopanda kanthu, akuuza anzake kuti, “Ndine adadi.” Anzakewo anali kuseka. Mwana wa zaka 5 sadziwa kunyoza, iye amangotengera munthu amene amamusirira. Ndinalowa m'nyumba ndi tsache langa, n'kukhala pansi.

Chikondi ndiye salankhula. Amakuvundikirirani nsima, n'kukhala ndi buku pafupi ndi chitseko, koma tsamba silitembenuzika, khutu lili kunja. Galimoto ikaliza mabuleki pamsewu wa M1 amadzidzimuka n'kundiyang'ana. Mwana ameneyu ali Sitandade 8, mayeso akubwera, ndipo aphunzitsi ake andiuza kuti wayamba kuodzera m'kalasi. Kale masamu munkamuthandiza ndinu, mukulemba ndi pensulo yanu ya ukalipentala pachidutswa cha thabwa. Zidutswa zija anazisunga pansi pa bedi, kaya mukudziwa.

Za ndalama sindichulukitsa. Pa K180,000 ya zitseko zija, kunyumba kunafika K40,000. Ndinabwereka kubanki m'khonde kuti tigule chimanga, ndipo ndikubweza ndi timandasi tanga. Mvula yayandikira, feteleza tilibe. Zimenezi tikhoza kuzikonza, manja anu amadziwa ntchito, pa Mponela pano aliyense amatero.

Koma manja omwewo ndi amene akundiopsa. M'mawa mukamanyamula kapu ya tiyi amanjenjemera, mumachita kuigwira ndi manja awiri, mukuganiza kuti sindikuona. Chakudya mumangochilawa. Munthu wogwira tchizulo ndi macheka tsiku lonse, ndimaopa kuti tsiku lina mudzabwera chala palibe. Nditapita ndi Dalitso kuchipatala ndinafunsako anamwino, dzina lanu sindinatchule. Anandiuza kuti mowa umadya chiwindi mwakachetechete, munthu osamva kupweteka mpaka zitafika patali. Anatinso kunjenjemera kwa m'mawa n'chizindikiro chakuti thupi lauzolowera, ndipo munthu wotere asamangosiya mwadzidzidzi payekha, ayambe waonana ndi adokotala chifukwa kusiya kotero kumatha kumudwalitsa kwambiri. Choncho sindikunena kuti mulumbire lero kuti basi. Malumbiro aja tinayesa pa Khirisimasi, anatha sabata imodzi, inu n'kutsala ndi manyazi.

Pali mawu ena amene munandinena usiku wa Lachinayi omwe sindiwalemba pano. Ndikudziwa kuti simukuwakumbukira. Ine ndikuwakumbukira, ndipo Chikondi anawamva. Simunanditambasulirepo dzanja chikwatiranireni, ndimakuthokozani, koma ana ayamba kuthawira kuchipinda akamva mapazi anu, pomwe kale ankathamangira kumsewu kukalimbirana chikwama chanu.

Kwa ankhoswe sindinapite, ngakhale amayi anga sindinawauze. Ndinafuna muyambe mwamva kwa ine. Ngati kulankhula ndi ine kukukuvutani, amalume anu aku Dowa amakukondani, komanso abusa anakufunsani Lamulungu lathali. Sankhani nokha amene mungamasuke naye. Chisoni cha achimwene anu mwachisenza nokha nthawi yaitali, ndipo ine sindinadziwe kukufunsani bwino. Pamenepo mundikhululukire.

Pempho langa nali. Lachitatu tipite limodzi kuchipatala akakuyezeni, mandasi a tsikulo ndisiyira mayi a kuseli. Ndipo makasitomala akakulipirani, ndalama iyambe yafika kunyumba, tikhale pansi tonse awiri tiwerengere limodzi.

Madzulo ano ndiphika nkhwani wotendera ndi usipa. Mukaweruka bwerani dzuwa lisanalowe. Za kalatayi sindikufunsani pamaso pa ana. Chikondi ali ndi masamu amene amukanika kuyambira Lachiwiri, akudikira inu.

Ndine wanu,
Mayi a Chikondi