Oipa Ndiwo Amakometsa Nthano Kuposa Ngwazi

Zikomo a wapampando, oweruza athu olemekezeka, anzathu otsutsa, ndi inu nonse mwadzaza holo muno. Ine ndine wachiwiri kumbali yovomereza.

Mnzanga amene wangokhala pansiyu wati ife tikuyamikira uchigawenga. Ayi ndithu. Mutu wathu sukufunsa kuti wabwino ndani. Ukufunsa kuti amene amatigwira mtima, mpaka nsima kuzizira m'mbale tikumvetsera, ndani.

Tiyeni tibwerere pamoto kwa agogo, pamene ankati “Padangotero,” ife n'kuyankha kuti “Tili tonse.” Kudagwa chilala, nyama zonse zidakumba chitsime, Kalulu yekha adakana. Zikadathera pomwepo, bwenzi ili nkhani ya chitukuko cha m'mudzi basi, ndipo tonse tikadagona. Koma Kalulu adabwera ndi uchi, kunyengerera alonda mmodzimmodzi, kuwamanga miyendo, kutunga madzi, kusamba m'chitsimemo, n'kuchoka akuseka. Waulesi, wabodza, wakuba! Amene adamugwira ndi Kamba, ndi ulimbo pamsana. Ngwazi ndi Kambayo. Tsono a wapampando, funsani ana a sitandade 1 kuti pasewero afuna kukhala ndani. Alimbirana Kalulu mpaka kung'ambirana mayunifolomu. Kamba ntchito yake n'kukhala duu m'madzi kudikira.

Ngwazi zambiri n'zotero, zimadikira woipa ayambe. Goliati akadapanda kunyoza Aisraeli masiku 40, Davide akadangopereka chakudya kwa akulu ake n'kubwerera ku nkhosa.

Koma mfundo yanga yaikulu ndi iyi. Ngwazi timaidziwiratu kuti ichita zabwino, palibe chotifunsitsa. Woipa amatisiya ndi funso. Ophunzira a Yesu adali 12. Ndani muno angandiuze zimene adachita Tadeyo? Mwaona, holo yonse zii. Nanga Yudasi? Ngakhale amene amapita kutchalitchi pa Khirisimasi pokha akumudziwa. Munthu wodya mbale imodzi ndi Mbuye wake, wosunga thumba la ndalama la gulu lonse, n'kukamugulitsa ndi ndalama zasiliva 30. Kenako ndalama zija zidamuotcha m'manja, adakaziponya m'kachisi, n'kukadzimangirira. Chidamulowa n'chiyani? Dyera? Kukhumudwa? Ngati lidali dyera, adabwezeranji? Mpaka lero azibusa akadakanganabe. Ndipo chimatiopsa n'chakuti timamumvetsa pang'ono, poti tonsefe tidaonapo kena kake kosakhala kathu mtima n'kugunda. Enanu m'dometole muno shuga wa anzanu mukumudziwa bwino.

Anzathu otsutsa ati pamapeto ngwazi ndiyo imapambana. Zoona. Koma ikangopambana, agogo amati nthano yathera pompo, kagoneni. Choncho a wapampando, wotsatira wa otsutsa akaimirira, atiuze nthano imodzi yokha yopanda woipa imene adaimvetsera mpaka kumapeto.

Zikomo, ndakhala pansi.