Uthenga umodzi, anthu atatu

Sabata yachiwiri ya Julaye inandiunjikira masiku obadwa atatu: mnzanga Chikondi Lachiwiri, abwana anga Lachinayi, agogo Loweruka. Ndili m'minibasi yochokera ku Kawale ndinalemba timawu iti kuti tikhale phata la mauthenga onse:

"Lero mwawonjezera chaka china. Zimene munandichitira sindinaiwale. Mulungu akusungeni."

Mawuwa ndi oona kwa onse atatu. Koma Chikondi atalandira "munandichitira" kuchokera kwa ine, angaimbe foni kufunsa ngati ndadwala. Wake ndinaulemba chonchi:

"Aise Chiko! Akuti lero wakwanitsa zaka 32. Zampira zimenezo, ife tinayambira limodzi sitandade 1 tikudziwa zenizeni. Koma nthabwala pambali, mphwanga: ntchito itandithera mu 2019 unandisunga miyezi itatu m'kachipinda kako kaja ku Mchesi, matiresi amodzi, bonya m'mawa bonya madzulo, osandifunsa n'kamodzi komwe kuti uchoka liti. Zimenezo sindidzaiwala. Mulungu akusunge, ukalambe mpaka kumatafunira nyama ku nkhama. Loweruka madzulo tikumane ku Bwandilo, kanyenya ndi wanga. Zakumwa uzionere wekha, mwezi sunathe."

Wa abwana ndiye unandivuta ngakhale ndi waufupi. Ukautalikitsa amati ukufuna kukwezedwa, ukangolemba mawu awiri umaoneka wamwano. Za zaka sindinatchule. Ndinautumiza m'ma 8 koloko m'mawa, pa nthawi ya ntchito, osati usiku.

"Mwadzuka bwanji, Mayi Banda. Ndati ndikufunireni zabwino zonse pa tsiku lanu lobadwa. Ndimathokoza kuleza mtima kumene munali nako pondiphunzitsa ntchito ndili mlendo mu ofesi muno, makamaka mmene munandithandizira pa lipoti langa loyamba la kumapeto kwa chaka. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani moyo wathanzi pamodzi ndi banja lanu lonse. Ndine Limbani wa kumaakaunti."

Tsono agogo. Iwowa tsiku lawo lobadwa sankalidziwa. Linachita kubwera ndi kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017: anauza mlembi kuti njala ya 1949 inawapeza akuyenda kale ndipo akukumbukira amayi awo akukumba zikhawo, ndiye pachiphaso panalembedwa 1945. Adzukulufe tinangoligwira tsikulo, eni ake amatiseka nalo. Maso anafooka, choncho uthengawu ndinautumiza pa WhatsApp kwa msuweni wanga Tadala ku Mitundu kuti akawawerengere pakhonde, mokweza ndiponso mosathamanga. Uthenga womvera ndi khutu umayamba ndi malonje, ndipo sufuna kuthamangira mfundo.

"Agogo aNaphiri, ndine mwamuna wanu wa ku tauni uja, Limbani, amene mumati anakuthawani. Mwadzuka bwanji kumeneko? Nanga mwendo uja ukupeza bwanji ndi chisanu cha mwezi unochi? Ife kuno tili bwino, apongozi anu ndi tiana tonse tikupereka moni.

Agogo, chiphaso chanu chikuti lero mwakwanitsa zaka 80. Ndikudziwa munena kuti zimenezo n'za m'mapepala, koma tiloleni tisangalale. Inu munaona atsamunda akuchoka mu 1964, munagwira mapaundi ndi masheleni kwacha isanabwere mu 1971, ndipo mumatiuza kuti Lilongwe munamudziwa ali kaboma kakang'ono, likulu lisanasamuke ku Zomba mu 1975. Zonsezo mwadutsamo khasu lili paphewa.

Amayi atatisiya ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinu munanditenga. Munkadzuka tambala woyamba kundiwotchera mbatata kuti ndisapite kusukulu ndi njala. Ndalama ya mayeso munaipeza pogulitsa mtedza umene munasungira mbewu, chaka chimenecho munda wa mtedza unagona. Munkaganiza kuti sindikuona, komatu ndinkaona, ndipo sindinaiwale.

Chauta amene wakufikitsani lero akusungenibe, mudzaone ana a tidzukulutudzi tanu. Kandalama kochepa ndatumiza pa Mpamba kwa Tadala, agule nkhuku mudye lero lomwe. Musasungire alendo ayi, ndikudziwani. Mwezi ukatha ndibwera ndekha ndi shuga, sopo ndi chitenje chimene ndakuonerani ku Bwalo la Njobvu. Mundisungireko chigumu ndi thobwa la mawere lija.

Ndatha ine mdzukulu wanu, Limbani."

Tadala anaimba madzulo ake. Akuti agogo anamuuza abwereze kawiri ndime ya mtedza ija, kenako n'kufunsa kuti chitenjecho n'cha mtundu wanji, poti chofiira iwo savala.