Kalata yochitira umboni Tadala Phiri pa ntchito yosunga sitoko

Luchenza, 14 Ogasiti 2025

Kwa a Tcheyamani ndi komiti yolemba ntchito ku koparetivu,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Phalombe. Kalata iyi ilowe m'malo mwa ija ya mizere inayi imene Tadala anakupatsirani pamodzi ndi mapepala ake, ija yongoti ndi wolimbikira, wokhulupirika komanso wosunga nthawi. Mawu amenewo ndi oona ndithu koma timalembera aliyense amene wasiya ntchito bwinobwino, olo mlonda, ndiye inu simungadziwirepo kanthu za munthu amene mukufuna kumupatsa makiyi a nyumba yosungiramo mbewu za alimi. Apa ndalemba zimene ndinaona ndi maso anga.

Ine ndili ndi shopu yogulitsa zipangizo zaulimi pano pa Luchenza, feteleza, mbewu, mankhwala ndi matumba osungira chimanga, ndipo ikafika nyengo yake timagulanso nandolo kwa alimi. Tadala anayamba ntchito kwa ine mu Sepitembala 2021 ali ndi MSCE yokha, poyamba anali wa pa kauntala, kenako mu 2022 ndinamupatsa buku la sitoko ndi kiyi wa kuseri. Anasiya yekha mu Epulo 2025 chifukwa banja lawo linasamukira kwanuko, anandiuza kudakali mwezi wathunthu ndipo mnyamata amene analowa m'malo mwake anamuphunzitsa ndi iyeyo.

Chachikulu chimene ndikufuna mudziwe nchoti buku lake limagwirizana ndi zimene zili m'nyumba. Asanaligwire iye, ife tinkawerenga katundu kamodzi pa mwezi ndipo kupeza kuti matumba awiri atatu a feteleza sakuoneka sichinali chachilendo, aliyense amangoti kaya, mwina analembedwa kawiri. Tadala anayambitsa zoti mulu uliwonse ukhale ndi khadi lake lopachika pakhoma, NPK payokha, yureya payokha, thumba likatuluka lilembedwe pompo osati madzulo, ndipo Loweruka lililonse tikatseka amawerenga thumba limodzilimodzi kenako n'kufananiza ndi malisiti. Anyamata onyamula ankadandaula kuti akuchedwa ku mpira, koma kuchokera nthawi imeneyo mpaka tsiku limene anapereka makiyi, kusiyana kunapezeka kamodzi kokha, ndipo anakupeza ndi iye mwini, kunali kulakwitsa polemba lisiti.

Nkhani ya lole ndiyo ndimaikumbukira kwambiri. Mu Okotobala 2022 tinaoda matumba 300 a feteleza a makilogalamu 50 kuchokera ku Blantyre, lole inafika kutada ine kulibe, ndinali ku maliro ku Thyolo. Dalaivala ankafuna asaine msanga abwerere. Tadala anawerenga napeza 294, anawerenganso ndi mlonda zinali chimodzimodzi, ndiye anakana kusaina pepala lonena 300, analemba nambala yeniyeni pa pepala lomwelo, anajambula pa foni n'kunditumizira usiku womwewo. Dalaivala uja anali bambo wamkulu ndipo analankhula zambiri, zoti mwana wamng'ono ngati iweyo ukudziwa chani, iye sanabweze mwano komanso sanasinthe nambala. Matumba 6 aja anatibweretsera sabata yotsatira. Inu mukudziwa mtengo wa thumba limodzi, werengerani nokha.

Pa sikelo napo ndi munthu woti alimi anu sadzadandaula naye. Pogula nandolo m'mawa uliwonse amayamba wayesa sikelo ndi mwala wa makilogalamu 5 anthu akuona, ndipo amatembenuza sikeloyo kuti mlimi awerenge yekha. Nandolo wosauma amamubweza, ngakhale akhale wa munthu wodziwana naye, chaka china anabweza matumba awiri a azakhali ake enieni n'kuwauza kuti akayanike kaye masiku angapo. Anakwiyirana kwa kanthawi koma nandolo wathu chaka chimenecho sanachite nkhungu. Kunena zoona amayi ambiri a m'midzi yozungulira ankadutsa mavenda a pamsewu kubwera kwa ife chifukwa cha iyeyu, ankachita kunena kuti tikufuna atiyezere mtsikana uja.

Mu Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy, inu a ku Phalombe sindingakuuzeni mmene zinalili, munaziona kuposa ife. Mvula itangoyamba kulimba Tadala anabwera ku shopu osaitanidwa, anaitana anyamata awiri, anakweza feteleza ndi mbewu zonse pa mathabwa ndi njerwa n'kufunditsa matenti, ndipo mabuku ndi malisiti anawakulunga m'pulasitiki n'kupita nawo kwawo. Madzi analowadi kuseri kuja mpaka mu akakolo. Tinataya matumba opanda kanthu ndi makatoni basi. Zoika katundu pa mathabwa, kusiya mpata pakati pa mulu ndi khoma, kuyamba kutulutsa katundu wakale, mankhwala kukhala kutali ndi mbewu, zonsezi amachita osauzidwa.

Za ndalama. Makasitomala athu ambiri amalipira pa Airtel Money ndi Mpamba, ena kashi, ena ngongole yobweza akakolola. Madzulo alionse ankandipatsa pepala limodzi losonyeza zitatuzi padera ndipo mauthenga a pa foni amawafananiza ndi malisiti asanapite kunyumba. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo inkasintha mosadziwika bwino, mashopu ena anangotseka kaye, iye anakhala pansi ndi buku n'kusiyanitsa katundu amene tinaoda kale ndi amene tikuyembekezera, anandionetsa kuti tikagulitsa pa mtengo wakale sitikwanitsa kuodanso, komanso anandikumbutsa za alimi 11 amene anali atalipiriratu feteleza wawo mu Okotobala, kuti amenewo alandire pa mtengo umene tinagwirizana. Tinatero, ndipo onsewo akugulabe kwa ife mpaka lero.

Pena pamene muyenera kudziwiratu, poti sindikufuna mudzati ndinakubisirani. Kompyuta sanaizolowere kwenikweni, Excel amatha kulowetsa manambala ndi kuphatikiza koma zambiri amadalira buku ndi cholembera, ngati kwanuko zonse zili pa kompyuta adzafunika womuonetsa masabata oyamba, amagwira msanga. Chinanso salankhula kwambiri pa gulu, pa msonkhano akhoza kukhala chete mpaka mutamufunsa, ndipo akakana chinthu amakana mosazungulira moti ena amamuona ngati wouma mtima. Ine pa ntchito ya sitoko ndimaona kuti khalidwe limenelo ndi lofunika, koma ngati mukufuna munthu wokopa alimi kuti alowe koparetivu, ameneyo ndi wina.

Pa zaka zonse zimene anagwira kwa ine sindinamudulepo malipiro kapena kumulembera chenjezo, ndipo atati abwerera ku Luchenza mawa makiyi ndingamupatsenso. Ngati mukufuna kutsimikiza, mabuku a sitoko a 2022 mpaka 2025 alipo olembedwa ndi dzanja lake, m'modzi wa a komiti akhoza kudzawaona tsiku lililonse kupatula Lamulungu, kapena imbani pa nambala ili pa chidindo cha shopu m'munsimu, makamaka madzulo tikatseka.

Ndine wanu,

Mayi E. Nkhoma
Mwini shopu ya zipangizo zaulimi, Luchenza