Chidziwitso cha Wogwirizira Udindo wa Manijala, 1 Febuluwale mpaka 31 Meyi 2025

Kuchokera kwa: Wapampando wa Bodi ya Kopaletivi, Ngabu
Kupita kwa: Ogwira ntchito onse, mamembala a Bodi, ndi apampando a makalabu onse
Tsiku: Lolemba, 13 Januwale 2025

Abambo ndi amayi,

Ndikukudziwitsani kuti a Manijala athu achokapo kwa miyezi inayi. Akupita ku Lilongwe kukachita maphunziro a kayendetsedwe ka makopaletivi, ndipo Bodi inawavomereza tchuthi chimenechi kuyambira pa 1 Febuluwale mpaka pa 31 Meyi 2025. Adzayambanso ntchito Lolemba pa 2 Juni. Ntchito sanasiye, ndipo palibe amene wawachotsa. Ndanena zimenezi poyambirira chifukwa mawu ena andipeza kale pa msika wa Ngabu, ndipo ndi mawu opanda mutu.

Pa msonkhano wake wa Lachisanu pa 10 Januwale, Bodi inagwirizana kuti amayi athu, a Mlangizi Wamkulu wa Zaulimi, ndi amene agwirizire udindo wa Manijala pa nthawi yonseyi. Iwo anafunsidwa ndipo avomera. Kalata yawo talemba, asainira, ndipo ili mu failo yawo.

Bodi sinawasankhe chifukwa cha zaka zokha, ngakhale kuti akhala nafe kuyambira 2016. Miyezi imene a Manijala akuchokayi ndi yowawa pa kalendala yathu. Mu Febuluwale ndi Malichi thonje limafuna kupopera mosadumphitsa, mitsinje imadzaza, ndipo makalabu ena timatha sabata osawafikira. Mu Epulo ndi Meyi ndi nthawi yotola thonje, yomweta chitowe, yokambirana ndi ogula, ndiponso yotolera ngongole ya mbewu ndi mankhwala. Pamafunika munthu amene amadziwa kuti kalabu ya ku Dolo ili ndi ngongole yanji, ya ku Miseu Folo inabweza zingati, ndipo anyakwawa ake ndi ati ofikira kwa iwo nkhani ikavuta. Amayiwa zonsezi amazidziwa osatsegula buku. Minda ya mamembala athu ambiri anaipondamo ndi mapazi awo.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna timvane bwino. Kuyambira pa 1 Febuluwale, nkhani iliyonse imene mumapita nayo kwa a Manijala muzipita nayo kwa a Manijala Ogwirizira. Kupempha tchuthi, kupempha mafuta a njinga yamoto, kutulutsa katundu mu shedi, madandaulo a alimi, makalata ochokera ku khonsolo ya boma la Chikwawa kapena ku ofesi ya zaulimi, zonse zizidzera pa tebulo lawo. Chimene sitikufuna ndi chakuti munthu akakanizidwa chinthu mu ofesi muno atuluke, akaime pansi pa mtengo wa nimu uja, n'kuimbira foni ku Lilongwe kuti a Manijala amuvomereze. A Manijala tagwirizana nawo kuti foni yotero sadzaiyankha ndi chigamulo. Adzakubwezani kwa amayiwa. Nanenso mukabwera kunyumba kwanga ndi nkhani ya mu ofesi musanawaone iwo, ndidzakupatsani madzi akumwa n'kukubwezani komweko.

Mphamvu zawo zili motere. Azisainira mavocha ndi macheke pamodzi ndi a Akauntanti pa ndalama zosapitirira K1,500,000 pa chinthu chimodzi. Kupitirira pamenepo pazikhala siginecha yanga kapena ya a Msungichuma wa Bodi. Kugawa chinthu chimodzi m'mavocha awiri kuti chikwane pansi pa malirewa n'koletsedwa. Kalata yodziwitsa banki yathu ku Nchalo za kusinthaku ipita sabata ino pamodzi ndi mfundo za msonkhano wa Bodi, kuti pofika pa 1 Febuluwale siginecha yawo ikhale italowa kale. Chidindo cha kopaletivi, buku la macheke, makiyi a sefa ndi kiyi wachiwiri wa shedi zizikhala m'manja mwawo. Galimoto ya kopaletivi iziyenda ndi chilolezo chawo, ndipo adalaivala azilemba ulendo uliwonse m'buku monga mwa masiku onse.

Pali zinthu zimene Bodi yazisunga m'manja mwake. A Manijala Ogwirizira sadzalemba munthu ntchito yokhazikika, sadzasintha malipiro a wina aliyense, ndipo sadzachotsa munthu ntchito. Aganyu onyamula matumba ndi osokerera mabelo nthawi ya msika atha kuwalemba, malinga ndi bajeti imene ilipo kale. Wina akalakwa atha kumuchenjeza pakamwa kapena polemba kalata, koma mlandu waukulu uzibwera ku komiti ya Bodi yoona za mwambo, chifukwa lamulo la ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka komanso kuti munthu apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. Mgwirizano ndi ogula thonje kapena chitowe iwo ndi amene azitsogolera zokambirana zake, koma usainidwe Bodi itauona. Chimodzimodzinso ngongole yatsopano kapena kugulitsa katundu wa kopaletivi.

Ndifike pa nkhani ya alawansi, imene ndikudziwa kuti ambiri mwathamangira kuifuna musanawerenge zapamwambazi.

A Manijala Ogwirizira azilandira alawansi yogwirizira udindo ya K240,000 pa mwezi, msonkho usanachotsedwe. Pa miyezi inayi zikukwana K960,000. Ndalamayi sitinaitole m'mwamba. Tatenga malipiro oyambira a udindo wa Manijala pa ndandanda wa malipiro wa kopaletivi, n'kuchotsapo malipiro amene amayiwa akulandira panopa, ndipo chotsalacho ndiye alawansi. Dziwani kuti tawerengera pa malipiro oyambira a udindowo, osati pa amene a Manijala athu afikapo lero patapita zaka akukwezedwa. Alawansiyi izilowa ku banki tsiku limodzi ndi malipiro, koma pa kapepala ka malipiro izioneka pa mzere wakewake kuti isasakanikirane. Msonkho wa pamalipiro uzidulidwa pa ndalama zonse pamodzi n'kupita ku MRA monga timachitira mwezi uliwonse, choncho chimene chizifika m'thumba mwawo n'chocheperapo pa K240,000. Vocha ya alawansiyi sadzisainira okha. Izisainidwa ndi a Akauntanti ndi ine.

Ena angafunse kuti bwanji ndaulula ndalama ya munthu pa chidziwitso chopachika pa khoma. Ndinawafunsa eni ake ndipo sanakane. Ndalamayi ndi ya mamembala, yochokera pa kilogalamu iliyonse imene imadutsa pa sikelo yathu, ndipo idzaonekera ndithu mu lipoti la zachuma pa msonkhano waukulu wa pachaka. Kuli bwino muimve kwa ine lero kusiyana n'kuti mudzaimve kwa wina itakula katatu. Malipiro awo enieni okha ndi amene sindinalembe pano, chifukwa amenewo ndi awo.

Alawansiyi imayendera limodzi ndi ntchito. A Manijala akabwerera tsiku lisanakwane, alawansi idzathera pa tsiku limene adzalandirenso makiyi, ndipo mwezi wosakwanira tidzawerengera masiku. Maphunziro akatalika, Bodi idzakhalanso pansi n'kulemba kalata ina; popanda kalata imeneyo, dongosololi lidzatha lokha pa 31 Meyi. A Manijala Ogwirizira akachokapo masiku ogwira ntchito opitirira 10 motsatizana, alawansi idzaima pa masiku amenewo ndipo Bodi idzasankha wina wosunga ofesi. Akachokapo tsiku limodzi kapena awiri, monga popita ku msonkhano ku Blantyre, a Akauntanti azisunga ofesi popanda alawansi.

Kugwirizira udindo si kukwezedwa pa ntchito. Giredi ya amayiwa sinasinthe, masiku awo a tchuthi sanasinthe, ndipo pa 2 Juni adzabwerera pa udindo wawo wa Mlangizi Wamkulu ndi malipiro awo akale. Mpando wa Manijala ukadzakhala wopanda munthu tsiku lina, tidzaulengeza poyera ndipo aliyense woyenera adzafunsira, iwonso ali m'gulu. Izi tawauza maso ndi maso ndipo zili m'kalata yawo.

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya miyezi inayi yokha tailembera zambiri chotere. Amene munalipo mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, mukukumbuka. A Manijala a nthawi imeneyo anali m'chipatala, madzi analowa mu shedi, ndipo a Wosunga Katundu ndi amene anayendetsa ofesi ino masabata 7. Ine ndinawapeza m'mawa wina ali m'madzi ofika m'mawondo, buku la katundu atalikulunga m'pepala la pulasitiki n'kulimangirira pamutu, akukweza matumba a mapira pa mathebulo pamodzi ndi alonda awiri. Analibe kalata. Atapita ku banki kuti akatape ndalama yogulira malona anabwezedwa, chifukwa dzina lawo silinali pa ndandanda wa osainira. Madzi ataphwa panabuka mkangano woti alipidwe kapena ayi, ndipo Bodi inatha miyezi isanu isanawapatse kanthu. Kulakwa kumeneko kunali kwathu, a Bodi, ndipo ine ndinali m'gulu lake. Kuyambira pano, aliyense wogwirizira udindo wapamwamba kwa masiku opitirira 30 azilandira kalata asanayambe, ndipo alawansi yake iziwerengedwa mwa njira yomweyi, kaya ndi mlangizi, kalaliki kapena mlonda.

Ntchito ya ulangizi siima. Makalabu amene amayiwa amayendera okha tawagawira alangizi athu awiri a m'madera, wina mbali ya kumpoto cha ku Nchalo, wina kumwera cha ku Bangula. Awiriwa sakugwirizira udindo wapamwamba, choncho alawansi yogwirizira siikuwakhudza, koma mafuta a njinga zawo ndi mayunitsi a foni tawawonjezera malinga ndi mtunda. Ndandanda wa makalabu upachikidwa pa bolodi pofika Lachisanu lino.

Kusiyirana ntchito kuyamba Lolemba pa 20 Januwale mpaka Lachisanu pa 31 Januwale. A Manijala, a Manijala Ogwirizira, a Akauntanti ndi a Wosunga Katundu adzawerenga pamodzi matumba, mabotolo a mankhwala ndi mapampu opopera amene ali mu shedi, ndalama za mu sefa, macheke amene sanalembedwe, ndi ngongole ya kalabu iliyonse. Onse anayi adzasainira, ndipo a komiti yoyang'anira adzakhalapo ngati mboni. Chimodzimodzi zidzachitika pa 2 Juni pobweza makiyi. Bodi idzakumana ndi a Manijala Ogwirizira kumapeto kwa Malichi kuti imve mmene zikuyendera msika wa thonje usanayandikire.

Ogwira ntchito nonse tikumane mu ofesi Lachisanu pa 24 Januwale nthawi ya 7:30 m'mawa, dzuwa lisanakwiye. Amene ali ndi funso kapena chodandaula pa dongosololi abwere nacho pamenepo, kapena andilembere kalata kudzera kwa a Mlembi wa Bodi lisanafike tsikulo. Apampando a makalabu, chonde werengani chidziwitsochi pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo kumene ambiri amamva bwino Chisena muwamasulire. Dziwitsaninso anyakwawa a m'midzi mwanu kuti asadzadabwe akadzalandira kalata ya kopaletivi yokhala ndi siginecha ina.

Ine wanu,

Wapampando wa Bodi

Makope: a Manijala, a Manijala Ogwirizira, a Akauntanti, a Mlembi wa Bodi, komiti yoyang'anira